Bedi la Anjira Anga

Ntchito yolembedwa ndagwirako kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo ndimathokozabe Mulungu kuti anandilawitsako. Inali ya pa nazale ya mitengo, kumunsi kwa Manjawira, m'mphepete mwa kamtsinje kosaphwa msanga. Bungwe lina la ku Lilongwe ndilo linatsegula nazaleyo. Ankafuna kuti m'midzi mwathu mukhale mango omezanitsa, aja obereka mtengo usanatalike, opanda ulusi wotsalira m'mano. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho atandilemba ndinabwerera kunyumba ndikuseka ndekha m'njira ngati wosokonezeka mutu.

Nthawi imeneyo bambo a kunyumba anali atafa kale mkono ndi mwendo wa kumanja. Khasu anali atalisiya. Mwana wathu woyamba, mtsikana, anali atasankhidwa kupita ku sekondale cha ku Nsipe, ndipo ankakhala pa lendi ndi anzake pafupi ndi sukulu. Malipiro a pa nazale ndiwo ankamusunga kumeneko. Panalibe kwina kodalira. Ndikamathirira mbande ndinkati m'mtima, madzi awa ndikuthirira mwana wanga.

Amene anandiuza za ntchitoyo anali anjira anga. Kwathu kuno mkazi amakhala ndi anjira ake. Si m'bale, komanso si mnzako wamba wa kumjigo. Ndi munthu amene mwasankhana akuluakulu akudziwa, mwapatsana mphatso, makomo anu akhala ngati khomo limodzi. Maliro akagwa kwa iye, iwe ndiwe woyamba kumanga nsalu m'chiuno. Akadwala umamulimira. Ndipo anjira satukwanizana, satengerana kubwalo, sayalutsana pagulu. Ife tinagwirana chinjira ndili mtsikana, ndisanabereke. Pamene kamwana kanga kachiwiri kanamwalira, iwo ndiwo anandisambitsa, kundidyetsa phala ndi supuni ngati khanda. Zimenezi sindingazifute, ngakhale ndilembe zotani m'munsimu.

Pa nazale tinalipo amayi angapo, ndi abambo amodzi otunga madzi ku mtsinje, amene tonse tinkawatchula kuti achimwene. Aliyense wa ife amayi anali ndi bedi lake, mzere wa machubu a pulasitiki odzalamo mbande, pansi pa chisakasa cha udzu. Ndimo ankagwirira ntchito kumeneko. Bedi lako ndiyo nkhope yako. Likachita bwino akuyamikira iwe, likauma akufunsa iwe. Tinatola njere za mango athu achikuda nyengo ya mango, tinaziswa, tinazibzala, ndipo tinazilera mpaka timitengo tinafika kukula ngati pensulo. Kenako alangizi athu oyamba, bambo achikulire ofatsa, anatiphunzitsa kumezanitsa. Umadula kamtengo ka m'chubu, nkung'amba pamwamba pake ndi lezala. Umatenga kanthambi ka mango abwino, nkukasongola mbali zonse ziwiri, nkukalowetsa pong'ambapo kuti makungwa akumane. Ukatero umamanga ndi kansalu ka pulasitiki mothina.

Sabata imene tinayamba kumezanitsa, amayi ake a anjira anadwala kwambiri. Anawatengera ku chipatala cha ku boma ndipo anjira anapita kukawadikirira. Ife otsala tinamezanitsa mabedi athu. Inu, dzuwa la chaka chimenecho! Kunkawomba mphepo yotentha ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Tinthambi tinayamba kuda kuchokera kumsonga, kenako kuuma. Alangizi anati zikadakhala bwino tikadavundikira kanthambi kalikonse ndi kapepala ka pulasitiki kuti chinyezi chisathawe, koma mapepala amene bungwe linalonjeza sanafike. Bedi langa linauma pafupifupi lonse. La anzanga chimodzimodzi. Ndipo kamtengo ukakadula kamodzi nkulephera, sungakabwereze msanga. Kamatsala kachitsa, kamafuna miyezi kuti kaphukenso bwino.

Bedi limene linatsala losakhudzidwa linali la anjira lokha. Alangizi anati nthawi ikutha, mvula isanagwe mbande zizikhala zitagwira. Ine sindinafunse kawiri. Ntchito ya anjira ako ndi yako.

Koma ndinkaopa kuumitsa bedi la mnzanga monga ndinaumitsira langa. Tsiku la msika ndikudutsa pa Manjawira, ndinaona timapepala ta mafilizi tili mbwee pansi, tija ana amayamwa madzi oundana nkutaya. Ndinaima. Kutalika kwake ndi kwa kanthambi ndendende. Ndinayamba kutola, anthu akundiyang'ana. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Amayi a mvano ayamba liti kutola zinyalala? Kodi kunyumba kuli bwino?" Ndinangoseka nawo. Ndinakatitsuka ndi sopo, nkutiyanika pa chingwe. Bambo a kunyumba anati khomo lathu lasanduka golosale yopanda katundu.

Ndinachitanso monga alangizi ananenera. Ndinkapita kumtengo wa mango abwino masiku angapo ndisanadule, nkukathothola masamba a tinthambi timene ndasankha, kuti maso ake atupe tili pamtengo pomwepo. Ndinkadula mmamawa dzuwa lisanakwere, nkukulunga m'chiguduli chonyowa. Ndikamezanitsa ndinkaveka kapepala ka filizi, nkumanga kumunsi. Zala zanga zinatha ndi lezala, utomoni wa mango unandiotcha mpaka m'zigongono. Achimwene otunga madzi ankandiseka.

"Alongo, mwaziveka masokosi mbandezi? Mawa muzigulire ndi nsapato."

"Thirani madzi inu. Mukadzadya mango ake mudzatseka pakamwa."

Patapita masabata ochepa, m'timapepala muja munayamba kuoneka timasamba tofiirira, tofewa ngati khutu la mwana. Ndinagwada pomwepo pa dothi. Sindinapemphere mawu ambiri, ndinangoti zikomo Ambuye, zikomo. Alangizi anabwera, anayendera bedi lonse manja ali kumbuyo, ndipo anati, "Mayi, mwatipulumutsa." Mawu amenewo anawanena tili awiri.

Anjira anabwerako amayi awo atapeza bwino pang'ono. Ataona bedi lawo analira. Anandikumbatira, nati, "Anjira, ine ndikubwezerani chiyani?" Ndinawaphunzitsa zonse, kavundikiridwe, nthawi yovula timapepala, kuthothola mphukira zotuluka kumunsi kwa chomangira kuti zisalande chakudya. Anagwira msanga, pakuti manja ali nawo, ndipo sukulu anapita nayo patali kuposa ine.

Kenako zinthu zinasintha mwamsanga. Alangizi achikulire aja anawasamutsira ku chigawo china. Kunabwera achinyamata a njinga yamoto, amene sankadziwa chilichonse cha zimene zinachitika. Iwowo ndiwo anatiuza kuti ntchito ya bungwe ikutha chaka chikamatha. Anati adzasiya munthu mmodzi yekha woti azisamala nazale ndi kuphunzitsa m'midzi. Abwana akubwera kudzaona, ndipo adzasankha okha.

Tsiku limenelo tinasesa, tinavala nsalu zofanana, tinaimba polandira galimoto. Abwanawo anali mayi, wovala magalasi, woyankhula Chichewa chabwinobwino. Anayamba ndi bedi langa chifukwa linali pakhomo. Zitsa zokhazokha, zina zikuphuka masamba achikuda.

"Ili ndi la ndani?"

"Langa, bwana."

"Pepani mayi. Dzuwa, eti?"

Anadutsa. Atafika pa bedi la anjira anaima, anavula magalasi, nawerama. Timapepala tina tinali tidakalipo pa mbande zochedwa kuphuka.

"Nanga ili?"

"Langa, bwana," anatero anjira. Ndipo pamenepo sananame.

"Nzeru ya timapepalayi anakupatsani ndani?"

Ine ndinali nditayamba kale kumwetulira. Ndinkadikira kuti atembenuke andiloze. Ndinakonza ndi nsalu yanga.

"Ndinaganiza ndekha, bwana. Ndinaona kuti za anzanga zikuuma, ndiye ndinakatola ku msika, nkutsuka. Anthu ankandiseka."

Ndi kusekedwa kwanga komwe anatenga. Achimwene anatsokomola kumbuyo kwanga, keni yawo yothirira inagunda pa mwala. Amayi anzanga anayang'ana pansi. Abwana anawajambula chithunzi anjira atagwira mbande, anawagwira chanza, alangizi achinyamata akuomba m'manja. Mawu anafika pakhosi panga. Koma kunena kuti akunama pamaso pa alendo, anjira anga, munthu amene anandidyetsa phala pa maliro a mwana wanga, pakamwa panga panakana. Ndinaomba nawo m'manja. Alendo akukwera galimoto ndinaimba nawo nyimbo yotsanzikana.

Kunyumba bambo anandimvetsera atakhala pa mpando wawo pakhonde. Chiyambire matenda aja mawu awo amatuluka movutikira, koma tsiku limenelo anatuluka.

"Ndiye munangoti duu?"

"Ndikanatani, pali alendo?"

"Alendo ndiwo amwini ntchito! Mukanati bwana, onani zala zangazi. Ine ndikanakhala ndi mwendo ndikanapita komweko panopa, akanandimva mudzi wonse."

"Ndi anjira anga, bambo."

"Anjira adzalipira lendi ya mwana?"

Ankanena zoona. Ndinalowa m'nyumba. Ndikunena pano mosabisa kuti m'mutu mwanga munali mawu oipa ambiri, ndipo ndinkadziwa pamene ndingawalase anjira. Chinjira ndi chotero, umadziwa zonse za mnzako. Ndinapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti andigwire lilime koma asanditseke pakamwa. Ndinati ndisapite lero mtima uli pamoto, komanso ndisakhale chete mpaka kale.

Ndinagona masiku awiri ndi nkhaniyo. Ku nazale tinkapatsana moni, iwo osandiyang'ana kumaso. Loweruka masana ndinanyamuka. Kwa anjira supita chimanjamanja, choncho ndinatenga kambale ka mtedza ndinavundikira ndi nsalu. Ndinawapeza akusenda nandolo kuseri kwa nyumba.

"Odi kuno."

"Eee, fikani anjira." Anadzuka msanga, nandiyalira mkeka. Anandifunsa za bambo, ine ndinafunsa za amayi. Ndinatenga nandolo nkuyamba kusenda nawo.

"Anjira," ndinatero, "ndabwera ndi nkhani, ndipo ndafuna tiikambe awiri, popanda wina womvera. Tsiku lija munauza abwana kuti timapepala munatola ndinu, ndipo munamezanitsa ndinu. Ndinatola ndine. Ndinamezanitsa ndine, inu muli ku chipatala. Zinandipweteka kwambiri."

Iwo anapitiriza kusenda.

"Bedi si langa kodi?"

"Bedi ndi lanu. Za bedi simunaname."

"Ndiye abwana anafunsa mwadzidzidzi. Pakamwa panangothamanga."

"Zimachitika. Nanenso pakamwa panga pamathamanga. Ndiye chifukwa chake ndabwera, kuti tikonze. Lolemba tipite tonse kwa alangizi, mukanene nokha mmene zinayendera. Sindikufuna mukapepese pagulu. Mukangonena zoona, kenako asankhe amene akumufuna. Akasankha inu zoona akuzidziwa, ine ndidzavina."

Anataya khoko pansi mwamphamvu.

"Mudzavina! Inu anjira mumayankhula ngati abusa. Asankha ine atamva kuti ndinanama? Mukufuna ndikadzipachike ndekha?"

"Ndikufuna ntchito yanga itchulidwe kuti ndi yanga. Mwana wanga ali pa sukulu chifukwa cha nazale ija, mukudziwa."

"Nanga ana anga? Inu bola muli ndi bambo pakhonde, ngakhale odwala, mumawaona. Anga chipitire ku Joni, foni yomwe anasintha. Amayi ndi awo ali m'nyumbamo, sadzuka okha. Ndidye chiyani, timapepala?"

Anayamba kulira. Mtima wanga unagawika pawiri, chifukwa zonse ananenazo ndinkazidziwa, ndipo zina ndinalira nawo kale pa mkeka womwewo. Ndinadikira mpaka atapukuta m'maso.

"Mavuto anu sindikuwakana, anjira. Mukanabwera kwa ine nkundiuza kuti ntchitoyi ndisiyireni, kaya ndikanayankha chiyani, sindikudziwa. Koma mukanandipempha. Apa simunapemphe."

M'nyumba amayi awo anaitana kufuna madzi. Anjira anadzuka, ndipo ali pakhomo anati osatembenuka, "Chabwino. Lolemba."

Pobwerera anandiperekeza mpaka pa mtengo wa mthethe monga mwa masiku onse, ndipo m'kambale kanga anaikamo nandolo. Ndinafika kunyumba mtima utapepuka. Ndinauza bambo kuti mwaona, kufatsa kumaphula kanthu. Iwo anangoti, "Tiona."

Lolemba alangizi anabwera ndi njinga yawo. Ndinayang'ana anjira. Iwo anatenga keni nkutsikira kumtsinje, ntchito yosakhala yawo. Ndinadikira. Anabwerako, anatsikiranso. Alangizi atayamba kuvala chisoti chawo kuti azipita, ndinadziwa kuti Lolemba la anjira silidzafika. Ndinapita ndekha kwa alangizi.

"Alangizi, ndingakubeni nthawi pang'ono?"

Ndinawafotokozera kuyambira pachiyambi, mmene bedi langa linaumira, mmene anjira anachokera, mmene ndinagwirira bedi lawo. Sindinawatchule kuti wabodza kapena wakuba. Ndinangonena zimene manja anga anachita. Mnyamatayo anamvetsera bwino, zimenezo ndimamuyamikira. Anavula chisoti, nakanda m'mutu.

"Mayi, nanga tsiku lija simunanene bwanji? Abwana anali pomwepo."

"Ndi anjira anga."

"Anjira ndiye kuti chiyani? Achemwali anu?"

Anali wa kutali, sankazidziwa za kwathu. Ndinayesa kufotokoza, koma ndinaona kuti kwa iye zikumveka ngati chifukwa chongopeka. Anaitana achimwene otunga madzi.

"Bambo, inu munalipo. Anamezanitsa bedi ili ndani?"

Achimwene anaika keni pansi, anayang'ana ine, anayang'ana kumtsinje.

"Bwana, ine ntchito yanga ndi madzi. Nkhani ya anthu a pachinjira wolowererapo ndiye amatsala ndi mlandu. Mawa iwo agwirizana, ine ndidzapempha moto kwa ndani?"

Amayi anzanga nawo anati sakufuna kuika pakamwa. Sindinawakwiyire. Nanenso ikanakhala nkhani ya anjira a wina ndikanayankha chimodzimodzi. Pomaliza alangizi anaitana anjira. Anabwera akupukuta manja ku nsalu.

"Mayi awa akuti bedi lanu anagwira ndi iwo. Ndi zoona?"

"Anandithandizako, inde. Ife timathandizana. Ndi mwambo wathu."

Anandithandizako. Mawu amenewo anandilasa kuposa a tsiku la alendo, chifukwa apa anali atagona nawo, atawasankha bwinobwino. Ndinapuma kaye, ndinayang'ana zala za kuphazi kwanga, kenako ndinawayang'ana iwo.

"Anjira, pamene ndinkamezanitsa inu munali ku boma ndi amayi, ndipo munachita bwino kukhala kumeneko. Mutabwerako munapeza zaphuka. Kuchokera pamenepo mwazisamala ndinu, ndipo mwazisamala bwino, zimenezo alangizi azimve. Koma timapepala ndi kumezanitsa ndine. Sindikukangana nanu. Ndikungonena kuti zidziwike."

Anjira anangoyang'ana kumbali. Alangizi anatiyang'ana tonse awiri, kenako anauza anjira kuti abwerere ku ntchito. Titatsala awiri anatsitsa mawu.

"Mayi, ndikukukhulupirirani. Munthu wonama sayankhula chonchi. Koma dzina linapita kale ku Lilongwe, pamodzi ndi chithunzi. Abwana anasankha ndi maso awo, ndipo ine ndinavomereza. Ndikakati tinalakwitsa, adzandifunsa kuti iwe unali kuti. Nanenso ndine watsopano, ntchito yanga ili pa ulusi. Komanso iwowa amatha kulemba ndi kuwerenga bwino, kuphunzitsa m'midzi kumafuna zimenezo."

"Alangizi akale aja akudziwa zonse. Mutawaimbira foni?"

"Ndiyesa."

Kaya anayesa, kaya sanayese. Sabata yotsatira nditawafunsa anati foni sikupezeka. Sabata inayo anandizemba. Tsiku lomaliza, titabweza makeni ndi malezala, anandigwira chanza ndi manja awiri nati, "Mayi, ndinu munthu waulemu kwambiri. Mulungu akuonani." Ndinathokoza. Ndinanyamula kathumba kanga nkumapita.

Nkhani inamveka m'mudzi, pakuti nkhani simagona. Ku mvano amayi ena anandiyamikira, anati ndaonetsa chikhristu. Ena anati ndinapusa. Mayi wina wachikulire anandikokera pambali nati, "Mwana wanga, ukanakuwa tsiku lomwe lija ntchito ikanakhala yako, koma palibe akanakudyera m'mbale m'mudzi muno." Mwina ankanena zoona. Ine mpaka lero sindidziwa. Ndimati ndikapemphera ndimafunsa kuti Ambuye, lilime munandigwira monga ndinapemphera, nanga chotsatira chake ndi chimenechi? Yankho sindinalimve. Koma sindinasiye kugwada, chifukwa kwina kopita ndilibe.

Chinjira chathu sichinathe, komanso sichilipo. Palibe anapita kwa akuluakulu kukachimasula. Tikakumana kumjigo timati anjira mwadzuka bwanji, ndadzuka kaya inu anjira, basi. Kambale sikayendanso pakati pa makomo athu.

Ndinayesa kumezanitsa kunyumba kuti ndizigulitsa mbande. Koma mbande zimafuna madzi tsiku ndi tsiku, mjigo wathu uli kutali, ndipo mbuzi za m'mudzi sizidziwa kuti awa ndi mango achizungu. Komanso bungwe linagawa mbande zaulere mvula itagwa, ndiye wogula ndani? Ndinabwerera ku ganyu. Ndinapalira m'minda ya anthu, ndinapita mpaka kumunsi cha ku Sharpevale kukaokera mpunga, kubwerako miyendo itatupa. Zimene ndinkapeza zinkathera pa ufa ndi mankhwala a bambo. Mwana anapirira teremu imodzi akugona pa khonde la mnzake eni nyumba atamutulutsa. Teremu yotsatira sanabwerere. Anapinda yunifolomu yake bwinobwino, naiika pansi pa sutukesi. Sanandinene chilichonse. Ndikanakonda akanandinena.

Patapita miyezi, mlamu wanga wa ku Blantyre anati kuli banja likufuna mtsikana wa ntchito za m'nyumba. Tinakambirana ndi bambo, tinapemphera, tinalola. Mmamawa wa tsiku lonyamuka ndinamuperekeza ku msewu waukulu. Ndinamusenzera chikwama. M'njira ndinkamulangiza zimene mayi aliyense amalangiza, kuti azilemekeza eni nyumba, asamayende ndi anyamata, Lamlungu azipempha chilolezo cha kutchalitchi. Iye ankangoti eya amayi, eya amayi.

Tikudikira minibasi, kunatulukira njinga yakapalasa yatsopano, kumbuyo kwake atamangirira katoni ya mbande. Anali anjira, akupita kukaphunzitsa mudzi wina. Atationa anachepetsa liwiro. Ndinaganiza kuti adutsa, koma anatsika. Mwana wanga anagwada kuwapatsa moni monga tinamulerera, pakuti anjira a mayi ako ndi mayi ako.

"Ulendo wa kuti, mwana wanga, pakati pa teremu?"

"Ku Blantyre, amayi. Ku ntchito."

Anjira anayang'ana chikwama, anayang'ana ine. Anagwira zogwirira za njinga mpaka mitsempha ya m'manja kuoneka.

"Anjira," anatero, "ine..."

Ndinadikira. Ndikunena zoona, ndinadikira ndi mtima wonse, ndipo akanamaliza mawuwo ndikanawalandira ngakhale panalibenso choti akonze. Koma minibasi inafika, kondakitala akukuwa kuti Balaka, Zalewa, Blantyre, nalanda chikwama m'manja mwanga. Mwana anakwera, anamupanikiza pakati pa matumba a mbatatesi, ndipo sindinathe kumuona bwino nkhope. Ndinangoona dzanja lake pa zenera.

Galimoto itapita anjira anali akadali chiimire.

"Pitani, anjira," ndinatero. "Dzuwa likukwera, mbandezo zifota. Anthu akukudikirani."

Anakwera njinga napita. Ine ndinawoloka msewu kubwerera kunyumba, kuti ndikawasambitse bambo, kenako ndikafunse ngati kwa aphunzitsi kudakali ganyu yokolola nandolo.